Kalembedwe ka Chidule cha Lipoti la Kafukufuku wa Ulimi

Lipoti la kafukufuku wa ulimi limayamba ndi ndime imodzi yaifupi imene imakhala pansi pa mutu ndi mayina a olemba. Ndimeyi ndiyo chidule, ndipo ofufuza ambiri amangoti abusitirakiti. Ntchito yake ndi kunena m'mawu ochepa zinthu zinayi: chimene ofufuza ankafuna kudziwa, mmene anafufuzira, zimene anapeza, ndi tanthauzo la zimene anapezazo. Magazini ambiri a sayansi amalola mawu a pakati pa 150 ndi 300, ndipo malire ofala kwambiri ndi mawu 250. Lipoti lenilenilo likhoza kukhala la masamba 20, ndipo buku limene wophunzira wa digiri yachiwiri ku Bunda amapereka pomaliza maphunziro limatha kufika masamba 100, koma chidule chake sichidzaza ndi tsamba limodzi lomwe.

Malamulo onse a kalembedwe ka chidule amachokera pa mfundo imodzi, yakuti chidule chimayenda chokha. Nkhokwe za pa intaneti zosungira malipoti a ulimi, monga AGRIS ya bungwe la FAO ndi CAB Abstracts, zimaonetsa mutu ndi chidule, ndipo nthawi zambiri lipoti lathunthu limafuna kulipira kapena kulisaka kwina. Okonza misonkhano ya asayansi amasankha oti adzayankhule poona chidule chokha. Mkulu wa alangizi pa boma, kapena wogwira ntchito ku bungwe lothandiza alimi, sapeza mpata wowerenga masamba 20. Amawerenga ndime imodziyo, nkupita nayo kukauza ena. Choncho chidule sichingatumize wowerenga ku tebulo la patsamba 12, chifukwa tsambalo alibe. Sichitchula mabuku a ofufuza ena, sichikhala ndi zithunzi, ndipo sichigwiritsa ntchito zilembo zofupikitsa zimene tanthauzo lake lafotokozedwa m'kati mwa lipoti mokha. Chilichonse chimene chalakwika m'menemo chimafalikira popanda wochikonza, pakuti masamba amene akanachikonza atsalira m'mbuyo.

Ku Malawi, malipoti ochokera ku Chitedze, Bvumbwe, Makoka ndi malo ena ofufuzira za ulimi amalembedwa m'Chingerezi, ndipo ndi mmenenso zilili ku Msekera, pafupi ndi Chipata. Mfundo za kalembedwe sizisintha ndi chiyankhulo, choncho zitsanzo zili m'munsizi zaperekedwa m'Chichewa.

Kuti nkhani imveke, pakufunika kafukufuku mmodzi woti atsatidwe kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Kafukufuku wotsatirayu ndi wongoyerekeza, ndipo manambala a zokolola zake ndi ophunzitsira chabe, koma kapangidwe kake ndi kofanana ndi ka kafukufuku amene amachitika kawirikawiri m'minda ya alimi. Ofufuza anasankha minda 14 m'dera lina la m'chigawo chapakati. M'chaka choyamba munda uliwonse unagawidwa pawiri: mbali ina anadzala soya, ina chimanga. M'chaka chachiwiri anadzala chimanga ponseponse, koma mbali iliyonse anaigawanso pawiri, kwina nkuthira feteleza wokwanira, kwina theka lake. Motero munda uliwonse unali ndi timinda tinayi. Pofika nthawi yokolola, minda iwiri inali itadyedwa ndi ziweto, ndipo zokolola zinayezedwa m'minda 12. Chimanga chodzalidwa pamene panali chimanga chinapereka matani 2.6 pa hekitala ndi theka la feteleza, ndi matani 3.7 ndi feteleza wokwanira. Chodzalidwa pamene panali soya chinapereka matani 3.5 ndi theka la feteleza, ndi matani 4.2 ndi feteleza wokwanira.

Cholinga

Chidule chimatsegula ndi chiganizo chimodzi, kapena ziwiri, chonena vuto, kenako cholinga. Apa ndi pamene mawu ambiri amaonongekera. Olemba oyamba kumene amakonda kuyamba ndi kunena kuti chimanga ndi chakudya chodalirika m'dziko muno, kuti anthu ambiri amakhala kumudzi, kuti nthaka ikuguga ndiponso kuti nyengo ikusintha. Zonsezi ndi zoona, koma aliyense wotsegula lipoti la chimanga amazidziwa kale, ndipo zimadya mawu 60 kapena 70 amene akanagwira ntchito pa zotsatira. Vuto loyenera kulembedwa ndi lokhalo limene kafukufukuyo akuyankha. M'chitsanzo chino vutolo ndi lakuti alimi ambiri sakwanitsa kugula feteleza wokwanira, ndipo sizikudziwika bwino kuti soya wa chaka chatha amachepetsa motani feteleza amene chimanga chimafuna m'nthaka ya deralo.

Cholinga chabwino ndi chimene chingayankhidwe ndi nambala kapena ndi inde ndi ayi. Kulemba kuti kafukufukuyu anaunika za kasinthasintha wa mbewu sikunena kanthu, popeza kuunika kulibe pothera. Kulemba kuti cholinga chinali kuyerekeza zokolola za chimanga chodzalidwa pambuyo pa soya ndi chodzalidwa pambuyo pa chimanga, pa milingo iwiri ya feteleza, kumauza wowerenga mbewu yake, chimene chikusinthidwa ndi chimene chikuyezedwa. Kumamuuzanso chimene sichinayezedwe. Cholinga chotere sichikulonjeza kukamba za phindu la ndalama kapena za chonde cha nthaka pakapita zaka zambiri, ndipo mawu omaliza a chidule sadzakhala ndi ufulu wokamba zimenezo.

Njira

Gawo la njira m'lipoti lathunthu limalembedwa mwatsatanetsatane kuti wina athe kubwereza kafukufukuyo. M'chidule cholinga chake ndi china: kupatsa wowerenga zokwanira kuti aone ngati zotsatirazo ndi zodalirika ndiponso ngati zikukhudza dera lake. Pa kafukufuku wa m'munda zofunikazo ndi malo, nyengo, zimene zinayerekezedwa, kangati, ndi chimene chinayezedwa.

Malo ndi nyengo sizingasiyidwe. Zotsatira za ku Bvumbwe, kumene kuli kozizira ndipo mvula imagwa yambiri, sizingangotengedwa kupita nazo ku Kasinthula ku Chikwawa, kumene kumatentha ndipo mbewu zambiri zimadalira kuthirira. Zotsatira za pa siteshoni ya kafukufuku, kumene kupalira ndi kuthira feteleza kumachitika pa tsiku lake, kawirikawiri zimaposa za m'minda ya alimi, kumene mwini munda amayamba wapita kuganyu asanapalire kwake. Choncho chidule chinene ngati kafukufuku anachitikira pa siteshoni kapena kwa alimi. Nyengo ilembedwe ndi zaka zake ziwiri, popeza dzinja limayamba chaka china nkutha chaka chinzake, ndipo ngati kunali ng'amba kapena mvula yopitirira, mawu ochepa onena zimenezo ndi oyenera malo ake. Pano pali msampha umene chitsanzo chino chikuonetsa bwino. Kafukufukuyu anatenga madzinja awiri, koma chimanga chimene chikuyerekezedwa chinakololedwa dzinja limodzi lokha, lachiwiri. Chidule chongoti kafukufuku wa zaka ziwiri sichikunama, komabe chimasiya wowerenga akuganiza kuti zotsatira zinaoneka kawiri, pamene zinaoneka kamodzi.

Nambala ya minda ikhale ya imene inalowa m'masamu. Ofufuza anayamba ndi minda 14, koma zotsatira zikuchokera m'minda 12, ndipo 12 ndiyo iyenera kulembedwa. Cholakwika ichi chimabwera kawirikawiri chifukwa wolemba amakopera gawo la njira kuchokera pa pepala limene anapemphera ndalama kafukufuku asanayambe, ndipo pepalalo limanena zimene zinkakonzedwa, osati zimene zinachitika.

Mlingo wa feteleza ndi pamene owerenga wamba amasokera kwambiri. Ofufuza amalemba kuchuluka kwa nayitirojeni, mchere umene chimanga chimafuna kwambiri, osati kulemera kwa feteleza wa m'thumba. Mlingo wodziwika wa chimanga cha haibulidi ku Malawi ndi makilogalamu 92 a nayitirojeni pa hekitala. Nambala imeneyi inachokera pa matumba awiri a makilogalamu 50 a feteleza wokulitsa wa 23:21:0+4S, amene amapereka makilogalamu 23, ndi matumba atatu a yureya wobereketsa, amene amapereka makilogalamu 69 chifukwa yureya ali ndi maperesenti 46 a nayitirojeni. Pamodzi ndi matumba asanu, makilogalamu 250 a feteleza. Wolemba akangosiya mawu oti nayitirojeni nkulemba kuti makilogalamu 92 a feteleza, mlangizi wowerenga adzamva kuti ndi matumba osakwana awiri, ndipo adzauza alimi kuti athire feteleza wosafika ndi theka lomwe la amene ofufuza anathira.

Zina zonse zimatsalira m'lipoti. Mtundu wa sikelo, tsiku lopalira, dzina la pulogalamu ya pakompyuta yowerengetsera masamu ndi kutalikirana kwa mapando sizilowa m'chidule, pokhapokha ngati ndizo zinali kufufuzidwa. Kafukufuku woyerekeza kudzala mbewu imodzi pa phando, pa mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mapando otalikirana masentimita 25, ndi kudzala mbewu zitatu pa phando ayenera kutchula miyezo imeneyo, chifukwa ndiyo nkhani yake. Wa soya ndi feteleza safunika kutero. Koma pali chinthu china chooneka chaching'ono chimene chiyenera kulowa: ngati masangwi a soya anasiyidwa m'munda kapena anachotsedwa. Mbali ina ya nayitirojeni amene soya amasonkhanitsa imatuluka m'munda pamodzi ndi njere zokololedwa, ndipo yotsalayo ili m'mizu, m'masamba ndi m'masangwi. Mlimi amene amazula soya wake nkukamenyera kunyumba, masangwi nkuwatentha komweko, sangayembekezere zotsatira zofanana ndi za munda umene zotsalirazo zinakwiriridwa.

Zotsatira

Ili ndilo gawo loyenera kutenga malo ambiri, pafupifupi theka la chidule chonse ngati nkotheka, ndipo ndilo limalembedwa mofooka kawirikawiri. Chizindikiro cha kufookako ndi kusowa kwa manambala. Chiganizo chakuti soya anachulukitsa zokolola za chimanga kwambiri sichithandiza munthu wofuna kusankha chochita, chifukwa kwambiri wa wolemba akhoza kukhala thumba limodzi kapena matumba 20. Choipa koposa ndi chiganizo cholonjeza, chakuti zotsatira zafotokozedwa m'lipotili. Chidule chotero chili ngati wogulitsa amene waika thumba lomanga pamsika nkumauza ogula kuti za m'katimo akazionera kunyumba.

Nambala iliyonse imafuna inzake yoyerekeza nayo. Matani 3.5 pa hekitala paokha sanena kanthu. Amayamba kuyankhula akaikidwa pambali pa matani 2.6 a chimanga chimene chinalandira feteleza wofanana koma chinadzalidwa pamene panali chimanga. Kusiyana kwake ndi matani 0.9, amene ndi matumba 18 a makilogalamu 50 pa hekitala, kapena matumba pafupifupi 7 pa ekala. Powerengera maperesenti, 0.9 amagawidwa ndi 2.6, ndipo yankho ndi maperesenti pafupifupi 35. Peresenti ndi yabwino, koma isayende yokha. Kuwonjezeka kwa maperesenti 35 pa munda wopereka theka la tani ndi matumba osakwana anayi, pamene pa munda wopereka matani 2.6 ndi matumba 18. Choncho matani enieniwo alembedwe, peresenti ibwere pambuyo ngati malo alipo.

Pamenepa pamalowa funso limene ofufuza amaliyankha ndi masamu: kodi kusiyana kumene kwaonekako ndi kwenikweni, kapena ndi kusiyana wamba kumene kumakhalapo pakati pa timinda tiwiri ngakhale titasamalidwa mofanana? Munda umodzi womwewo umakhala ndi pachulu, pamchenga, pamene panali khola kale ndi pamene kaufiti anamera. Kuwonjezera apo, timinda ta kafukufuku ndi tating'ono. Ngati malo okololedwa ndi mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, kilogalamu imodzi pa sikelo imasanduka makilogalamu 100 pa hekitala. Zisononkho zochepa zodyedwa ndi chiswe, kapena zobedwa ndi ana odutsa, zimatha kusuntha nambala ya pa hekitala ndi matumba angapo. Ichi ndi chifukwa chake kafukufuku amabwerezedwa m'minda yambiri, ndipo kuchokera pa kusiyana kwa mindayo ofufuza amawerengera malire amene amalembedwa kuti LSD. Kusiyana kochepera malirewo sikungadaliridwe. Chizindikiro china chofala ndi P < 0.05, chimene chimatanthauza kuti pakanakhala kuti njira ziwirizo sizisiyana konse, kusiyana kwakukulu chotero kukanaoneka mwangozi kosakwana kasanu pa maulendo 100 alionse.

M'chitsanzo chino malirewo akhale matani 0.4. Kusiyana kwa 0.9 kuja kukuposa malire, choncho nkodalirika. Koma chimanga cha pambuyo pa soya ndi theka la feteleza, cha matani 3.5, chikayerekezedwa ndi cha pambuyo pa chimanga ndi feteleza wokwanira, cha matani 3.7, kusiyana ndi 0.2 chabe, kumene pa kamunda kaja ndi makilogalamu awiri a chimanga chotong'ola. Wolemba sangalembe kuti feteleza wokwanira anapambana. Sangalembenso kuti njira ziwirizo ndi zofanana, chifukwa kulephera kuona kusiyana m'minda 12 si umboni wakuti kusiyanako kulibe. Kungakhalepo koma kochepa kuposa kumene kafukufuku wa kukula kotere angakuone. Mawu oona ndi akuti kusiyana kwake sikunafike pa malire odalirika. Komanso chizindikiro cha P chisalowe m'malo mwa matani. Chidule chodzaza ndi P < 0.05 koma chopanda zokolola chimauza wowerenga kuti kusiyana kulipo, osamuuza ngati nkokwanira kuti mlimi asinthe kalimidwe kake.

Lipoti lathunthu limakhala ndi miyezo yambiri: kutalika kwa mapesi, tsiku limene ngayaye zinatuluka, kulemera kwa njere 100, kuchuluka kwa kaufiti. M'chidule mumalowa zokhazo zoyankha cholinga, ndipo chachikulu chimayamba. Kusankhaku kuli ndi chiyeso chake. Nkosavuta kutenga munda umodzi umene soya anachita zodabwitsa nkulemba kuti zokolola zinakwera mpaka maperesenti 80. Mawu oti mpaka ndi oona, koma owerenga amakumbukira 80, ndipo pakutha pa chaka nambalayo imakhala ikutchulidwa m'misonkhano ngati kuti ndiyo inapezeka ponseponse. Nambala yoyenera ndi ya pakatikati pa minda yonse, ndipo ngati mindayo inasiyana kwambiri, yotsikitsitsa ndi yokwereratu zilembedwe zonse ziwiri. Chimodzimodzi zotsatira zosakondweretsa. Ngati m'minda itatu ya mchenga soya sanathandize konse, chimenecho ndi chotsatira chachikulu, mwinanso chofunika kwambiri kwa mlangizi wa kudera la mchenga.

Mawu omaliza

Chidule chimatseka ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri zoyankha cholinga chija. Njira yosavuta yoyesera ndi kuwerenga cholinga kenako nkudumphira pa mawu omaliza, osawerenga zapakati. Ngati ziwirizo zikumveka ngati funso ndi yankho lake, zili bwino. Ngati cholinga chikufunsa za zokolola koma mawu omaliza akukamba za kuthetsa njala kapena kukweza chuma cha mabanja, wolemba wachoka pa zimene anayeza.

M'chitsanzo chino mawu okopa ndi akuti soya amachepetsa ndi theka feteleza amene chimanga chimafuna. Manambala sakuvomereza zimenezo mokwanira. Pambuyo pa soya, feteleza wokwanira anapereka matani 4.2 ndipo theka lake linapereka 3.5, kusiyana kwa 0.7 kumene kukuposa malire aja. Ndiye kuti chimanga chinkafunabe feteleza winayo, ndipo mlimi amene angathe kugula matumba onse asanu amapezapo matumba 14 owonjezera a chimanga pa hekitala. Chimene kafukufuku waonetsa ndi chochepa kuposa mawu okopa aja koma nchothandiza: kwa mlimi amene ali ndi theka la feteleza basi, kudzala chimanga pamene panali soya kunamufikitsa pafupi ndi zokolola za mnzake amene anathira wokwanira pa munda wa chimanga chokhachokha. Kafukufukuyu sanayeze ndalama, choncho sangathe kunena ngati kulima soya chaka choyamba m'malo mwa chimanga kunapindulitsa banjalo; zimenezo zimadalira mtengo wa soya pamsika ndi chimanga chimene banjalo linagula chaka chimenecho.

Malire a zotsatira alembedwe m'mawu ochepa koma olunjika: dera limodzi, dzinja limodzi. Mawu ozolowereka akuti pakufunika kafukufuku wina sapindula kanthu akapanda kunena kuti wa chiyani. Kunena kuti zotsatirazi ziyesedwenso m'chaka cha ng'amba ndi m'nthaka ya mchenga kumauza wofufuza wotsatira poyambira. Kusamala kotere kulinso ndi chifukwa china. Ku Malawi njira yatsopano ya ulimi kapena mtundu watsopano wa mbewu zimayenera kuvomerezedwa ndi komiti ya boma yoona za zimenezi zisanafalitsidwe kwa alimi, ndipo komitiyo imafuna umboni wochokera m'malo angapo ndi m'nyengo zingapo. Wofufuza amene wayeza kamodzi alibe mphamvu yolemba ngati kuti akupereka kale malangizo ku dziko lonse.

Chidule chofooka ndi cholimba

Kafukufuku yemweyu akhoza kulembedwa motere: "Chimanga ndi chakudya chofunika kwambiri ku Malawi, koma zokolola zikutsika chifukwa cha kuguga kwa nthaka ndi kukwera mtengo kwa feteleza. Kafukufuku wa zaka ziwiri anachitika m'minda 14 pofuna kuunika ubwino wa kasinthasintha wa mbewu. Zotsatira zinaonetsa kuti soya anachulukitsa zokolola za chimanga kwambiri. Alimi akulimbikitsidwa kulima soya kuti achepetse feteleza ndi theka ndi kuthetsa njala. Pakufunika kafukufuku wina." Ndime imeneyi ikuwerengeka bwino, ndipo ndicho chimaipangitsa kukhala yoopsa. Mulibe nambala ya zokolola ngakhale imodzi, nambala ya minda ndi yolakwika, zaka ziwirizo zikusocheretsa, ndipo malangizo ake sakuchokera pa zimene zinayezedwa.

Cholimba chingakhale chotere: "Alimi ambiri sakwanitsa kugula feteleza wokwanira wa chimanga, ndipo sizikudziwika bwino kuti soya wa chaka chatha amathandiza motani pa vutoli. Cholinga chinali kuyerekeza zokolola za chimanga chodzalidwa pambuyo pa soya ndi chodzalidwa pambuyo pa chimanga, pa makilogalamu 46 ndi 92 a nayitirojeni pa hekitala. Kafukufuku anachitika m'minda 12 ya alimi m'dera limodzi la m'chigawo chapakati. Soya ndi chimanga zinalimidwa m'dzinja loyamba, masangwi a soya anakwiriridwa m'munda, ndipo zokolola za chimanga zinayezedwa m'dzinja lachiwiri. Pa makilogalamu 46, chimanga cha pambuyo pa soya chinapereka matani 3.5 pa hekitala, poyerekeza ndi 2.6 pambuyo pa chimanga. Pa makilogalamu 92 zokolola zinali matani 4.2 ndi 3.7. Malire a kusiyana kodalirika anali matani 0.4. Chimanga cha pambuyo pa soya pa makilogalamu 46 sichinasiyane modalirika ndi cha pambuyo pa chimanga pa makilogalamu 92, koma feteleza wokwanira anawonjezerabe matani 0.7 pambuyo pa soya. M'dera limeneli, kudzala chimanga pambuyo pa soya kungathandize mlimi amene ali ndi theka la feteleza kufika pafupi ndi zokolola za feteleza wokwanira. Zotsatirazi ndi za dzinja limodzi, ndipo ziyenera kuyesedwanso m'chaka cha ng'amba." M'lipoti lenileni dzina la boma, mtundu wa nthaka ndi zaka za madzinjawo zikanalembedwa pamalo pake, ndipo chidulecho sichikanafikabe mawu 250.

Zimene zinachitika ndi zimene zinapezeka zalembedwa ngati zakale, chifukwa zinaoneka pa malo ndi nthawi yake. Kulemba kuti soya amachulukitsa zokolola, m'malo mwa anachulukitsa, kumasandutsa chotsatira cha minda 12 kukhala lamulo la chilengedwe. Magazini ena, monga Field Crops Research ndi Agricultural Systems, amafuna kuti chidule chigawidwe m'timitu, vuto pakepake, cholinga pakepake, njira, zotsatira ndi tanthauzo lake. Ena amafuna ndime imodzi yosagawika. Zimene zimalowamo ndi zomwezo, ndipo wolemba ndime yosagawika amapindula akayamba waika timituto pa pepala lake loyeserera nkudzatifafaniza pomaliza, chifukwa kamutu kopanda kanthu pansi pake kamaonekera msanga.

Ngakhale chimakhala patsogolo, chidule chimalembedwa lipoti litatha. Cholembedwa msanga chimasunga manambala akale: masamu amabwerezedwa, munda wina umachotsedwa, zokolola zimawerengedwanso pa chinyezi cha maperesenti 12.5 m'malo mwa kulemera kwa chimanga chongokolola kumene, koma chidule chimatsala mmene chinalili. Choncho ntchito yomaliza ndi kutenga nambala iliyonse ya m'chidule nkuipeza m'matebulo a lipoti, pamodzi ndi muyezo wake, kuti matani asasanduke makilogalamu kapena hekitala kusanduka ekala, imene ndi magawo anayi okha mwa magawo khumi a hekitala. Chinthu chimene chili m'chidule koma m'lipoti mulibe chichotsedwe. Kenako chidulecho chiperekedwe kwa munthu wodziwa ulimi amene sanaone lipotilo, monga mlangizi, ndipo afunsidwe kuti anene chimene chinayerekezedwa, kumene zinachitikira, kusiyana kwake m'matumba, ndi mlimi amene angapindule nazo. Funso limene walephera kuyankha likusonyeza chiganizo chimene chikusowa.

Pansi pa chidule pamabwera mawu ofufuzira, kawirikawiri anayi mpaka asanu ndi limodzi, amene amathandiza kuti lipoti lipezeke m'nkhokwe za pa intaneti. Mawu amene ali kale m'mutu safunika kubwerezedwa pamenepa, popeza makina osakira amawapeza m'mutumo. Malowa ndi a mawu ena amene wofufuza angalembe posaka, monga dzina la sayansi la mbewu, Glycine max pa soya ndi Zea mays pa chimanga, mtundu wa nthaka, ndi dzina la dziko ngati silinatchulidwe m'mutu.